Chingwe cha maiki chikamadula mawu mukachigwedeza: njira zinayi zokonzera mutu wa XLR

Woimba akaima chilili mawu amamveka bwino, koma akangotembenuka kapena kusuntha phazi masipika amaphulika "pha!" mawu n'kuzima. Ine ndakhala ndikusamala zokuzira mawu za patchalitchi pathu kwa zaka zingapo, ndipo zingwe zomwe ndabweretseredwa kuti "zafa", zambiri zinali zabwinobwino, vuto lili pa masentimita ochepa oyandikira mutu, pulagi ya kumapeto kwa chingwe yotchedwa XLR. Mungathe kuwotchereranso pomwepo, kudula chingwe n'kubwezera mutu wakale, kugula mutu watsopano wowotcherera, kapena kugwiritsa ntchito mutu womanga ndi masikuluu. Zinayi zonsezi zimabweza mawu tsiku lomwelo, koma pa zina vuto limabwerera mwezi usanathe.

Muyambe mwapeza pomwe padukapo

Musanasankhe njira, pezani chomwe chawonongeka. Mutu wa XLR uli ndi mapini atatu. Pini 1 imalumikizidwa ku ukonde wamkuwa womwe umakuta mawaya am'kati ndi kuwateteza ku phokoso. Pini 2 ndi pini 3 ndizo zimanyamula mawu. Waya wa pini 2 kapena wa pini 3 akaduka, mawu amazimiratu kapena amatsala opyapyala ngati akuchokera kutali. Ukonde wa pini 1 ukaduka, maiki ya dayinamiki monga Shure SM58 imapitiriza kugwira koma mumamva kung'ung'uza. Maiki ya kondensa, yomwe imadalira magetsi kuti igwire, imazimiratu, chifukwa magetsi a 48V ochokera ku mikisa amapita kudzera pa pini 2 ndi 3 n'kubwerera pa pini 1. Ndiye chingwe chikamagwira pa maiki ina n'kumakana pa inzake, yambani mwakayikira ukondewo.

Yambani mwasinthanitsa. Ikani chingwe china pa maiki yomweyo. Vuto likapitirira, chingwe chanu n'chabwino ndipo mwina mapini a kunsi kwa maiki akhwefuka. Vuto likatha, bwezerani chingwe chokayikitsacho pa maiki ya dayinamiki, zimitsani batani la 48V, tsitsani masipika ndi kumvetsera pa mahedifoni. Kuzimitsa 48V n'kofunika kwambiri, chifukwa chingwe choduka chili ndi magetsi amenewa chimaphulitsa phokoso lomwe lingathe kuwotcha timasipika ta mawu osongoka. Tsono gwirani mutu ndi dzanja limodzi kuti usasunthe, n'kumapinda chingwe pang'onopang'ono ndi linalo, kuyambira pa mphira wa kumchira kwa mutu. Mukatero gwirani chingwe chilili n'kugwedeza mutu wokha. Mawu akamaduka mukapinda chingwe, vuto lili m'mawaya kapena pa mtovu womwe anawotcherera mawayawo ku mapini. Akamaduka mukagwedeza mutu wokha, timabowo ta mutu waukazi, wolowa ku maiki, tafutukuka, ndipo vuto limeneli silitha ndi kuwotcherera.

Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, zulani chingwe mbali zonse ziwiri, ndipo yezani pini iliyonse kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, uku mukupinda chingwe. Chingwe chabwino cha mamita 10 chimaonetsa pafupi ndi omu imodzi kapena kuchepera, ndipo nambala siyenera kudumpha. Yezaninso pakati pa 1 ndi 2, 1 ndi 3, 2 ndi 3. Apa mita siyenera kulira ngakhale pang'ono. Kulira kwa mita zina kumachedwa, moti kuduka kwa kamphindi sikumveka. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira makutu anga pa mahedifoni kuposa kulira kwa mita.

Poyerekeza njirazi ndikuyang'ana mtengo, kupezeka kwa zofunikira, kusamala kwake m'tsogolo ndi zoopsa zake. Pa njira iliyonse ndimafunsanso funso limodzi: chingwe chikakokedwa, mphamvuyo ikugwera pa chiyani? Ntchito ya mtovu ndi kudutsa magetsi. Katundu wa chingwe amayenera kunyamulidwa ndi chomangira cha kumchira kwa mutu, chomwe chimaluma mphira wakunja wa chingwe. Chomangiracho chikalephera, waya adzadukanso ngakhale mutawotcherera mwaluso chotani.

Njira yoyamba: kuwotchereranso pomwepo

Mumatsegula mutu, n'kupeza waya wachoka m'kachikho ka pini kapena mtovu wang'aluka, ndipo mumangotenthetsanso n'kumubwezera.

*Mtengo:* palibe chogula kupatula kamtovu. Ndi ntchito ya mphindi zisanu.

*Kupezeka:* mufunika ayironi yowotcherera ya mawati 25 mpaka 40 yosongoka nsonga, ndi mtovu wa zamagetsi wokhala ndi utomoni m'kati. Okonza mawailesi ndi mafoni pamsika uliwonse ali nazo.

*Kusamala:* muzitsegula mutuwo nthawi ndi nthawi kuona ngati waya sakukokeka, chifukwa chomwe chinamuchotsa poyamba sichinachoke.

*Zoopsa:* njirayi imathandiza pokhapokha mtovu wakale unali woipa kuchokera pachiyambi, wotuwa, wambulumbulu, wongokhala pamwamba pa pini osalowerera. Koma kawirikawiri waya amachoka chifukwa anakokedwa, ndipo wokokedwayo amakhala atafupika kuposa anzake. Mukamubwezera mokakamiza, ndiye amene azinyamula katundu wa chingwe chonse. Chinanso, mtovu wakale utomoni wake unatha kalekale, ndiye kungowusungunula sikukwanira. Uchotseni n'kuika watsopano.

Njira yachiwiri: kudula chingwe n'kubwezera mutu womwewo

Iyi ndiyo ndimagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo ndinaiphunzira pa chingwe chimodzi cha mamita 10 cha maiki ya wotsogolera kwaya. Chinkadula mawu mayiwo akatembenukira kwa oimba. Nditatsegula mutu waukazi, wolowa ku maiki, ndinapeza mtovu wonse uli bwino, koma ndinawotchererabe mapini onse atatu poganiza kuti pali mng'alu womwe maso sakuuona. Lamulungu lotsatira vuto linabwerera nyimbo ili pakati. Ndinatenga chingwecho n'kupita nacho kunyumba, ndipo nditachotsa mphira wa kumchira ndinakoka waya aliyense pang'ono ndi zala. Wa pini 2 analimba. Wa pini 3 anatamuka ngati lamba, pulasitiki yake n'kuyera pamalo amodzi, masentimita awiri kuseri kwa chomangira. Nditasenda pamenepo, timawaya tonse tamkuwa tinali titaduka, nsonga zake zikungokhudzana m'kati mwa pulasitiki. Chingwe chikawongoka zinkagundana, chikapindika zinkasiyana. Kunja sikunkaoneka kalikonse.

Mkuwa ukamapindidwa pamalo amodzi kambirimbiri umauma n'kuthyoka, ndipo malo amenewo amakhala pomwe kulimba kwa mutu kwathera. Choncho muyenera kudula kupitirira malo otopawo. Ine ndimataya masentimita 5 mpaka 8.

Kagwiridwe kake ndi aka. Musanachotse mawaya akale, jambulani ndi foni kuti mukumbukire mtundu wa waya wa pini iliyonse. Chotsani mawayawo n'kuyeretsa timakapu ta mapini. Dulani chingwe, ndipo musanachite china chilichonse lowetsani mphira wa kumchira, pamodzi ndi chomangira ngati ndi cha mtundu wosang'aluka. Mukaiwala zimenezi mudzamasula zonse mutamaliza kale. Sendani mphira wakunja pafupifupi masentimita awiri, mosamala kuti mpeni usadule ukonde. Masulani ukondewo, upoteni ukhale ngati kachingwe kamodzi, ndipo dulani ulusi wa thonje womwe umakhala m'kati. Sendani mamilimita 4 okha pa mawaya awiri aja. Musasende kwambiri chingwe chonse, chifukwa mphira wakunja uyenera kufika pansi pa mano a chomangira.

Pakani mtovu pang'ono pa nsonga zonse zitatu, ndipo thirani wina m'kachikho ka pini iliyonse mpaka theka. Kenako tenthetsani kachikho, mtovu ukasungunuka lowetsani waya, chotsani ayironi, ndipo gwirani dzanja chilili mpaka uume. Pini iliyonse isadye masekondi opitirira atatu kapena anayi. Mtovu wa 60/40, wa magawo 60 a tini ndi 40 a lidi, umasungunuka pa madigiri a Celsius 183 mpaka 190, ndipo ngati ayironi yanu ili ndi posinthira kutentha, madigiri 330 mpaka 350 amakwanira. Mtovu wopanda lidi umafuna pafupi ndi madigiri 220, ndipo kwa woyamba kumene ndi wovutirapo. Ayironi yozizira imawononga kuposa yotentha bwino, chifukwa mumaisiya pa pini nthawi yaitali mpaka pulasitiki yogwira mapini n'kufewa. Pofuna kupewa zimenezi, lowetsani mutu womwe mukukonzawo mu mutu unzake wa chingwe china chosalumikizidwa kulikonse. Umagwira mapini kuti asapendeke, umamwa kutentha kwina, komanso umakupatsani pogwira.

Werengani manambala olembedwa pafupi ndi mapini. Osadalira pomwe mukukumbukira, chifukwa pini 1 ndi pini 2 zimasinthana malo pakati pa mutu wamphongo ndi waukazi. Mitu yambiri ilinso ndi kachitsulo kachinayi kolumikiza ku chigoba chakunja. Ine ndimakasiya osakalumikiza ku pini 1, chifukwa chigobacho chikakhudza chitsulo china pansi kapena pa mikisa chingathe kubweretsa kung'ung'uza.

Mukamaliza, wonetsetsani kuti mawaya ali ndi kampata kopindika pang'ono pakati pa mapini ndi chomangira. Mangani, kokani chingwe mwamphamvu ndithu, ndipo yezaninso uku mukupinda. Cha kwaya chija chinatsala mamita 9 ndi masentimita 90 kuphatikizapo pang'ono, ndipo chikugwirabe ntchito.

*Mtengo:* kamtovu ndi mphindi 15 kapena 20. Chingwe chimafupika pang'ono moti simuzindikira.

*Kupezeka:* zida ndi zomwe zija za njira yoyamba, kuwonjezera mpeni kapena chosendera mawaya. Magetsi akazima, ayironi ya gasi kapena ya batire ya mavoti 12 imagwira bwino. Msomali wotenthetsa pa mbaula ndauonapo ukugwiritsidwa ntchito, koma umazizira msanga ndipo mwaye wake umalowa mu mtovu. Sindingakulimbikitseni.

*Kusamala:* ngati chomangira chili bwino, palibe china kupatula kuzula chingwe pogwira mutu osati pokoka waya, ndi kuchipinda m'magulu aakulu osati kuchikulunga pa chigongono.

*Zoopsa:* kaulusi kamodzi ka ukonde kakatsalira n'kukhudza pini 2 kapena 3, mawu azidukanso, ndipo mudzaganiza kuti ntchito yonse yalephera. Valikani kapaipi kofota ndi moto pa ukonde wopotawo, kapena kapulasitiki komwe mwasenda pa waya wina. Mukasinthanitsa 2 ndi 3 mbali imodzi, maiki imagwira ndithu, koma ikayandikana ndi maiki ina pa mawu amodzi, mabesi amachepa chifukwa ziwirizo zikulimbana. Mtovu wochuluka umakwera m'timawaya n'kutiumitsa, ndipo waya amadzathyokera pomwe mtovuwo wathera. Musagwiritse ntchito mankhwala a asidi omwe okonza mapaipi amapaka powotcherera, chifukwa amadya mkuwa pang'onopang'ono. Gwirirani ntchito podutsa mpweya, ndipo sambani m'manja mukamaliza, popeza lidi ndi poizoni.

Njira yachitatu: mutu watsopano wowotcherera

Ntchito yake ndi yofanana ndi ya njira yachiwiri, koma mutu wakale mumataya. Muyenera kutero timabowo tikafutukuka, loko ikathyoka, mapini akapendeka kapena kuchita dzimbiri, kapena chomangira chikasiya kuluma.

*Mtengo:* apa ndi pomwe pali kusiyana kwakukulu. Mutu wopanda dzina ndi wotchipa kwambiri. Wa kampani ya Neutrik ya ku Liechtenstein, monga NC3FXX waukazi ndi NC3MXX wamphongo, umadula kangapo, mwina mpaka kufanana ndi chingwe chathunthu chotchipa. Ndalama zowonjezerazo sizisintha kamvekedwe ka mawu. Zimagula chomangira chabwino, pulasitiki yopirira kutentha ndi timabowo tosafutukuka msanga.

*Kupezeka:* yotchipa imapezeka m'masitolo ambiri a zamagetsi. Yabwino imafuna masitolo ogulitsa zida zoimbira m'mizinda ikuluikulu kapena kuitanitsa kunja. Pali yambiri yongotengera maonekedwe a Neutrik, ndiye tsegulani musanalipire. Kodi mphira wa kumchira ukumangika bwino? Kodi mano a chomangira ndi olimba?

*Kusamala:* zimatengera mtundu wa chomangira. Pa mitu ya Neutrik, mukamamanga mphira wa kumchira, umafinya kachigamba kamano kuzungulira chingwe chonse, ndipo palibe sikuluu yoti itayike. Mitu ina imamanga ndi timasikuluu tiwiri topanikiza chingwe, kapena ndi timalilime tachitsulo topinda ndi pulaya. Timasikuluuto timamasuka tokha, choncho muzitiyang'ana. Timalilime timaluma pamalo amodzi, ndipo mukatifinya kwambiri timaboola mphira.

*Zoopsa:* pa mitu yotchipitsitsa pulasitiki imasungunuka msanga, ndipo mapini ena amakana mtovu mpaka mutawapala. Yang'ananinso kukula kwa chingwe. Chikakhala chopyapyala kuposa chomangira, chimapulumuka ngakhale mutamanga mpaka kumapeto. Zikatero, chinenepetseni ndi kapaipi kofota ndi moto pamalo olumidwawo. Tepi yakuda yamagetsi imathandiza kwa masiku ochepa, koma ulimbo wake umasungunuka kukatentha ndipo chingwe chimayamba kuterereka.

Njira yachinayi: mutu womanga ndi masikuluu

Mitu iyi ili ndi timabowo titatu momwe mumalowetsa waya n'kumanga ndi kasikuludiraiva.

*Mtengo:* umaposa wa mutu wotchipa wowotcherera, koma simugula ayironi.

*Kupezeka:* siipezeka paliponse. Nthawi zambiri mumachita kuitanitsa.

*Kusamala:* masikuluu amafuna kumangidwanso kawirikawiri, makamaka pa chingwe chomwe chimayenda m'galimoto kupita ku maukwati ndi kumisonkhano.

*Zoopsa:* kugwedezeka ndi komwe kumamasula masikuluu, ndipo kugwedezeka ndilo vuto lomwe munayamba nalo. Timawaya ta chingwe cha maiki n'topyapyala, moti sikuluu ingathe kutidula. Musapake mtovu pa nsonga yoti mumange ndi sikuluu, chifukwa mtovu umaphwatalala pakapita nthawi ndipo waya amakhwefuka. Mitu yotereyi ndi yonenepanso, sikhala bwino m'dzanja la woimba.

Pamene chingwe chenichenicho sichiyenera kukonzedwa

Mukasenda chingwe, chiyang'aneni bwino musanachiwonongere mutu wabwino. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni. Kakayera m'kati ngati siliva pamene kunja n'kofiirira, ndiye kuti ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa, yemwe amavuta kuwotcherera ndipo amathyoka msanga. Ukonde ukakhala wa timaulusi towerengeka, kapena mkuwa ukakhala wakuda ngakhale mutadula masentimita 30 chifukwa madzi analowa, chingwecho chatha. N'chimodzimodzi ngati chikuchita phokoso paliponse pomwe mwaponda. Koma chikakhala chaduka pamalo amodzi pakati, monga pomwe chinapanidwa ndi chitseko, musalumikize pakatipo ndi tepi. Dulani, ikani mitu iwiri, mukhale ndi zingwe ziwiri zifupizifupi.

Njira iti kwa ndani

Ngati mwatsegula mutu n'kupeza mtovu wotuwa womwe sunagwire pini, waya ali ndi utali wokwanira ndipo chomangira chikuluma bwino, njira yoyamba ikukwanirani. Imathandizanso mwambo ukatsala mphindi khumi kuti uyambe, koma chingwecho muchiike chizindikiro kuti mudzachidule bwino pambuyo pake.

Ngati mawu akuduka mukapinda chingwe kuseri kwa mutu, ndipo mutuwo ndi wolimba, dulani n'kubwezera womwewo. Zingwe zambiri za kwaya, za bandi ndi za obwereketsa zokuzira mawu zimagwera pamenepa.

Ngati mawu akuduka mukagwedeza mutu wokha, kapena mutu womwewo mwaukonzapo kale kawiri, gulani watsopano. Ndalama zikakhala zokwanira mutu umodzi wabwino, uikeni mbali ya ku maiki, yaikazi, chifukwa ndiyo imagwiridwa, kugwetsedwa ndi kuzulidwa tsiku lililonse. Ya ku mikisa imangokhala.

Mutu wa masikuluu usungireni chingwe chosasuntha, monga cha maiki ya pa guwa chomwe chinadutsa pansi pa kapeti, kapena muuike m'chikwama kuti udzakupulumutseni kumudzi komwe kulibe magetsi.

Ngati muli ndi chingwe chimodzi chokha ndipo simunagwirepo ayironi, kugula zida sikupindula. Pitani nacho kwa wokonza mawailesi, muuzeni mbali yomwe ikuduka, ndipo mupempheni adule masentimita angapo asanawotcherere. Asanatseke mutu, onani nokha kuti mphira wakunja wafika pansi pa chomangira, ndipo muyezere chingwecho pomwepo uku mukuchipinda.